Pikapu ya dizilo kapena ka Vitz: mkangano wa abale awiri usanduke bwanji nkhani?

Funso: "Ndikulemba nkhani yaifupi ya anyamata awiri apachibale amene ali ndi golosale ku Chinamwali. Wamkulu akufuna agule pikapu ya dizilo, wamng'ono akuti kagalimoto kakang'ono kotchipa n'kokwanira. Ndafika tsamba lachinayi akungokanganabe, ndipo mnzanga ataiwerenga wati ikumveka ngati kutsatsa malonda a galimoto. Za magalimoto sindidziwa zambiri. Ndiikonze bwanji, nanga apambane ndani?" — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho:

Cholembera chiikeni pansi kaye, mupite pa golosale ina iliyonse ya ku Chinamwali kapena ku Matawale mukafunse mwini wake kuti akapita kopikula amabwera ndi chiyani. Nkhani zotere zikamazungulira pamodzimodzi, kawirikawiri chimavuta n'chakuti wolemba sakudziwa katundu amene anthu akewo amanyamula. Ndiye wamkulu amangoti "pikapu ndi yolimba", wamng'ono n'kumangoti "kakang'ono sikadya mafuta", ndipo mawu awiriwa angathe kubwerezedwa mpaka tsamba la khumi popanda chosuntha. Anthu enieni a bizinesi sakangana choncho. Amakangana ndi mabelo, matumba ndi malita, ndipo aliyense amasankha manambala okomera mbali yake n'kubisa enawo. Nkhani yanu ili m'kubisako.

Tiyeni tiwerengere limodzi ulendo umodzi wokapikula ku Limbe, wa golosale yapakatikati. Mabelo 10 a shuga, lililonse la mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, ndi makilogalamu 200. Zigubu zisanu za mafuta ophikira za malita 20 zimayandikira makilogalamu 100. Matumba anayi a ufa wa tirigu a makilogalamu 50, ogulitsa kwa amayi a mandasi, ndi 200 ena. Sopo, mchere, makandulo ndi machesi tingoti 100. Pamodzi ndi makilogalamu 600. Pikapu ya tani imodzi, monga Hilux, Isuzu KB kapena Hardbody ya singo kabu, imanyamula zonsezi ulendo umodzi malo n'kutsala, chifukwa muyezo wake ndi wa matumba 20 a makilogalamu 50. Ka Vitz, ka Passo kapena ka March kanapangidwira anthu asanu ndi tizikwama tawo, kutanthauza makilogalamu cha m'ma 400 kuwerengera ndi woyendetsa yemwe. Abale awiriwo akakhala kutsogolo, otsala safika 300 ngakhale mipando yakumbuyo aigonetse. Ndiye kuti ndi maulendo awiri, ndiponso kakang'onoko katalemedwa kupitirira muyezo wake.

Kuchoka ku Zomba kupita ku Limbe pa msewu wa M3 n'kubwerako, kuphatikiza kuzungulirazungulira kopikula, ndi makilomita pafupifupi 130. Kagalimoto kakang'ono kolemedwa tingakawerengere makilomita 15 pa lita, ndiye ulendo umodzi ndi malita 9 ndipo awiri ndi 18. Pikapu yakale ya dizilo tiiwerengere makilomita 10 pa lita, ndiye malita 13 basi, ndiponso tsiku limodzi m'malo mwa awiri. Mwaonatu, pa ulendo wa ku Limbe wamkulu akunena zoona, ndipo amene "sadya mafuta" uja ndiye wadya ambiri. Mupatseni wamkulu chiwerengero chimenechi, achilembe ndi bolopeni kuseri kwa katoni ya sopo, achikankhire kwa mphwake pa kauntala mosangalala.

Koma wamng'ono ali ndi chake, ndipo n'cholemera chimodzimodzi. Ku Limbe sapitako tsiku lililonse. Mwina ndi kawiri pa mwezi, popeza zinthu zambiri amapikula m'tauni ya Zomba momwemo, ndipo zakumwa ndi buledi zimabwera zokha pakhomo ndi magalimoto a ogulitsa. Masiku ena onsewo galimoto imangoyenda kuchoka kunyumba kupita ku golosale, ku banki, ku msika waukulu. Tinene makilomita 20 pa tsiku kwa masiku 25, ndiwo 500 pa mwezi. Kakang'ono kamwa malita cha m'ma 33, pikapu yamwa 50 itanyamula mphepo. Pa sevisi, injini yaing'ono ya petulo imalowa oyilo wa malita atatu kapena kupitirira pang'ono, pamene ya dizilo ya pikapu imafuna pafupifupi 7, kuwonjezera fyuluta ya dizilo. Matayala ake ndi aakulu, batire lake ndi lalikulu, chilichonse chake n'chokwera mtengo. Ndiye funso lobaya la wamng'ono ndi lakuti: bwanji osangochita hayala pikapu ya munthu wina masiku awiri a ku Limbewo, ndalama zotsalazo zikhale m'mashelefu?

Mawu oti "m'mashelefu" musawadutse mothamanga, chifukwa kwa munthu wa golosale mpamba ndi katundu amene ali m'shopu. Ndalama yogulira galimoto imachoka pomwepo. Pikapu ikadya mpamba wonse, abalewo adzakhala ndi galimoto yonyamula tani koma opanda ndalama yogulira taniyo. Ndipo pa ndalama zofanana sagula magalimoto a msinkhu umodzi. Zimene zingagule kagalimoto kongofika kumene kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, msonkho wa MRA utaperekedwa, ku mbali ya pikapu zingangogula yakale kwambiri imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo konkuno. Choncho m'nkhani mwanu musaike magalimoto awiri atsopano moyang'anizana ngati m'sitolo. Ikani kakang'ono konyezimira ndi pikapu yotopa yopakidwa penti watsopano.

Wamkulu naye asathe mawu msanga. Ngati nkhani ikuchitika chaka cha 2023 chitadutsa, akumbukira bwino kuti mu Novembala chaka chimenecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama m'thumba analira pamene amene anali ndi katundu anapuma. Kwa iye pikapu ndi chuma chosungika, chimene ngakhale patapita zaka wogula sasowa. Aonjezanso kuti pikapu imabweretsa ndalama payokha: nthawi yokolola inyamula chimanga cha anthu, nthawi yodzala inyamula feteleza, ndipo ingathe kukatenga mpunga ndi matemba cha ku nyanja ya Chilwa, ku Kachulu, kumene kagalimoto kotsika mimba sikangalimbe pa dzinja. Pamenepa akunenanso zoona. Mimba ya kakang'ono imatalikira pansi masentimita cha m'ma 14 chabe, ndipo kakalemedwa kamagwada kumbuyo, sampu n'kumagunda miyala, mashoko n'kutha msanga. Giyabokosi ya otomatiki ya timagalimoto timeneti sikondwa ndi kukoka katundu wolemera pa zitunda tsiku ndi tsiku. Komabe mphwake, ngati ndi wochenjera, amukumbutse kuti mapikapu ambiri otsika mtengo amakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo akakhala opanda katundu amaterereka m'matope kuposa mmene anthu amaganizira. N'chifukwa chake madalaivala amaponya matumba a mchenga kumbuyo mvula ikagwa.

Zonsezi muzidziwe inu, koma m'nkhani mulowe zitatu kapena zinayi zokha. Mukathira zonse mubwereranso ku malonda aja mnzanu ananena. Ntchito ya manambalawa ndi kuonetsa wowerenga kuti onse awiri ndi anzeru ndipo palibe wopusa. Wowerenga akazindikira zimenezo amayamba kufunsa yekha kuti, nanga ngati masamu sakuthetsa nkhani, n'chiyani chikuwakanganitsa anthuwa?

Apa mpamene ndikufuna mukhalitse. Kwathu kuno ku Zomba, pakati pa Anyanja, Ayao ndi Alomwe, mwana wamwamuna wamkulu nthawi zambiri ndiye mwinimbumba. Alongo ake ndi ana awo amayang'ana kwa iye pakagwa matenda, maliro kapena mlandu. Munthu wotero akamati akufuna pikapu, m'maso mwake simuli mabelo a shuga okha. Akuona tsiku limene kumudzi, kaya ndi ku Jali kaya ku Mayaka, kudzagwa zovuta, iye n'kufika ndi galimoto yonyamula bokosi, nkhuni, ufa ndi anthu, osakapempha kwa wina. Mwina pa maliro a bambo awo anayenda khomo ndi khomo kufuna galimoto mpaka dzuwa kupendeka, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanamuchoke. Sanganene zimenezi kwa mphwake. Anena za matani ndi za dizilo.

Wamng'ono akuona chomwecho koma mozondoka. Akudziwa kuti pikapu ikangoima pakhomo yasanduka ya fuko lonse. Odwala usiku, mkwati, njerwa za tchalitchi, malata a asuweni, zonsezo zidzabwera, ndipo palibe adzathire mafuta okwanira. Dizilo yense adzachokera m'kabati ya golosale, imene iye ndi amene amakhalamo kuyambira m'mawa mpaka usiku pamene achimwene ake ali pamsewu kupatsidwa ulemu. Kagalimoto kakang'ono kali ndi ubwino umene iye sangautchule pagulu: n'kosavuta kukaniza. Bokosi la maliro sililowamo. Ameneyunso mupatseni chobisa chake chosayera kwenikweni, kuti asaoneke mngelo. Mwina akulingalira zomakayendetsa ngati takisi madzulo golosale ikatsekedwa, ndalama yake osailemba m'buku. Mwina pali mtsikana ku Chikanda amene safuna kukamutenga pa galimoto yonunkha matemba.

Ndiye pali funso limodzi limene onse akulizemba: pa buluu buku padzalembedwa dzina la ndani? Golosale ndi ya awiri, koma mabizinesi ambiri otere salembetsedwa ngati kampani, choncho galimoto imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Wamkulu akuona kuti n'zosachita kufunsa. Wamng'ono akudziwa kuti mkulu wake atati wamwalira, kapena banja lake litasokonekera, galimoto ya m'dzina lake idzawerengedwa ngati chuma cha iyeyo, ndipo thukuta la zaka zonse la mphwake lidzafuna umboni. Ine ndikanakhala inu, funso limeneli ndikanalisunga mpaka chakumapeto, lituluke kamodzi kokha, mwina kuchokera pakamwa pa munthu wachitatu wosadziwa kuti waponda pa chilonda.

Tsopano za kamangidwe. Masamba anayi a anthu awiri atakhala pa kauntala ndi ochuluka. Achotseni m'shopu, muwapititse kokaona pikapu imene ikugulitsidwa. Pamenepo pali zochita, pali munthu wachitatu, ndiponso pali chinthu chimene chingathe kuwululika. Kuti muthe kulemba malo amenewa muyenera kudziwa mmene anthu odziwa amayesera dizilo yakale.

Dizilo amaiyesa m'mawa injini ili yozizira, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye pamene Zomba imazizira kwenikweni. Injini yabwino imalira msanga. Yotopa imazungulira nthawi yaitali, ikalira n'kutulutsa utsi woyera kapena wabuluu umene suchoka msanga. Wogulitsa wochenjera amadziwa zimenezi, ndiye amailiza ogula asanafike kuti itenthe. N'chifukwa chake makaniko wabwino asanapemphe kiyi amayamba waika dzanja pa boneti. Chachiwiri, injini ikulira amatsegula chitsekero cha pothirira oyilo. Pakamatuluka utsi mwamphamvu mpaka chitsekerocho kumavinavina akachiika pakamwa pake, ndiye kuti maring'i atha ndipo injini ikufuna kuphwasulidwa. Chachitatu, amagona pansi kuyang'ana chasisi ngati inawotcheredwapo, ndi masipuling'i akumbuyo ngati awongoka chifukwa cholemedwa. Amafunsanso za lamba wa taimingi, poti lambayo akaduka galimoto ili pa liwiro amawononga injini yonse. Pa mapikapu akale a Toyota a injini ya D-4D lambayo amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo pa dashibodi pamayaka mawu oti T-BELT nthawi ikakwana. Injini zimenezi ma injekita ake ndi odula ndipo sagwirizana ndi dizilo wa m'zigubu wosakanizika ndi madzi kapena palafini, amene anthu ambiri anathirapo nthawi ya mizere ya mafuta. Injini zakale za 3L ndi 5L n'zaulesi pa chitunda koma zimapirira, ndipo amakaniko ambiri amazidziwa.

Onani mmene zingalowere m'nkhani popanda kusanduka phunziro la umakaniko:

Anafika dzuwa lisanatuluke bwino, nkhungu idakali pa phiri. Pikapu inali itatsukidwa mpaka matayala. Mwini wake anatuluka akupukuta m'manja.

"Iyi ndi ngolo, bwana. Kungokhudza kiyi, yalira."

Wamkulu anayenda moizungulira, akuisisita m'mbali. Atafika kutsogolo anatsamira boneti ndi chikhatho, n'kuchichotsa msanga, n'kuchilowetsa m'thumba. Mphwake anaona. Naye anapita, nagwira pomwepo. Panali pofunda.

"Achimwene, galimotoyi yagona panja usiku wonse?"

"Iwe, tabwera kudzaona galimoto, osati kudzafunsa kumene yagona."

"Ndangofunsa, achimwene."

"Ndamva."

Makaniko anatsegula chitsekero cha oyilo. Utsi unatuluka ngati wa mbaula ya makala aawisi. Sananene kanthu, anangoyang'ana wamkulu, poti ndi amene anamulipira ya kabaza.

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero wamkulu, maso ali kumbuyo kwa galimoto. "Mmenemu mungakwane anthu angati atakhala pansi?"

Taonani chimene chachitika. Wamkulu wadziwa kuti injini inatenthetsedwa dala, ndipo wasankha kusadziwa. Mphwake wadziwa kuti mkulu wake wadziwa. Palibe wanena kuti "mukundinamiza", koma kuyambira pamenepa mkangano suli pa galimoto ayi. Ndipo funso lomaliza lija, lofunsa za anthu osati matumba, laulula zimene zili mumtima mwa wamkulu popanda inu wolemba kufotokoza. Samalaninso kuti wamng'ono asasiye ulemu wake ngakhale atakwiya chotani. Mnyamata wa kuno amakangana ndi mkulu wake mozungulira, ndi mafunso, ndi kukhala chete, ndi kuchedwa kupereka makiyi a kabati. Mukamulankhulitsa mokalipa kuyambira tsamba loyamba, wowerenga sakhulupirira, ndiponso mulibenso pokwera. Ulemuwo ukadzasweka, udzasweke kamodzi, pa chiganizo chimodzi, ndipo chiganizocho chidzamveka ngati mbama.

Za mitengo, samalani. Mitengo ya magalimoto ndi mafuta ikusintha mofulumira moti nambala imene mungalembe lero idzaseketsa anthu nkhani isanasindikizidwe. Pali njira ziwiri. Mutha kuimika nkhani pa mwezi ndi chaka chodziwika n'kufunsa mitengo yeniyeni ya nthawi imeneyo kwa ogulitsa magalimoto. Kapena muyeze chilichonse ndi katundu wa m'shopu, momwe eni magolosale amachitira: tayala limodzi ndi mabelo angati a shuga, sevisi imodzi ndi zigubu zingati za mafuta. Njira yachiwiriyi ndimaikonda chifukwa siikalamba, komanso imaonetsa mmene wamng'ono amaganizira. Musaiwalenso timapepala timene timatsatira galimoto ikagulidwa: kusintha umwini ku Road Traffic, inshuwalansi ndi COF, chikalata chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pamenepo mpamene funso la dzina lija lingatulukire mwachibadwa, kalaliki kapena wogulitsa atangofunsa kuti, "Tilembe ndani?"

Nanga apambane ndani? Pali mathero awiri amene ndimawaona kawirikawiri m'nkhani za olemba oyamba, ndipo onse ndikukuletsani. Oyamba ndi akuti agula pikapu, yafa pa Namadzi ulendo woyamba, wamkulu n'kupepesa misozi ili mbwembwembwe. Achiwiri ndi akuti agula kakang'ono, katitimira m'matope mayi awo akudwala, wamng'ono n'kuphunzira. Onsewa ndi wolemba amene walowa m'bwalo kudzaweruza mlandu ndi ngozi yochita kupanga, ndipo amafafaniza ntchito yonse munagwira yoonetsa kuti onse awiri ali ndi mfundo. Mathero akuti amalume abwera n'kuwagwirizanitsa ndi miyambi nawonso ndi ofooka, pokhapokha ngati amalumewo nawo akufuna pikapuyo iwatutire njerwa.

Galimoto igulidwe ndithu, wowerenga asatsale m'malere. Koma wopambana alipire kanthu kena kamene sanayembekeze. Ngati mukufuna maganizo anga pa nkhani imeneyi, ndingalole wamkulu atenge pikapu yake yofuka utsiyo. Wamng'ono avomere mosavuta modabwitsa, atangopempha chinthu chimodzi: kuti kuyambira tsiku limenelo pakhale mabuku awiri, la golosale ndi la galimoto, ndipo pikapu ikanyamula katundu wa shopu izilipidwa hayala ngati ya mlendo, ikafuna dizilo kapena matayala izidzigulira yokha. Pa nkhani ya bizinesi imeneyi ndi nzeru yeniyeni, ndipo ndi njira yokhayo yodziwira ngati galimoto ikupindula kapena ikudya shopu. Koma pa chibale ndi kugawana chuma kumene sikunatchulidwe dzina. Wamkulu wapeza chimene amafuna, ndipo Loweruka loyamba akabwera kudzatenga ya mafuta m'kabati monga ankachitira kale, apeza mphwake atatsegula kope latsopano, akumufunsa mwaulemu wonse kuti asaine.

Mukasankha kuti kakang'ono ndiko kagulidwe, mtengo wake ugwere wamng'ono. Uthenga wa maliro ufike, wamkulu apite kukabwereka pikapu kwa munthu amene anawakaniza pa maliro a bambo awo, ndipo mphwake amuperekeze pa kagalimoto kake konyezimira n'kumudikira panja pa geti injini ikulira. Musawapatse mawu ambiri pobwerera.

Masamba anayi amene mwalemba kale musawataye onse. Fufuzanimo ziganizo ziwiri kapena zitatu zimene m'bale aliyense wanena chinthu chimene winayo sanathe kuyankha, muzisunge, zotsalazo zichoke. Chiwerengero cha ku Limbe chikhale pa tsamba loyamba, ulendo wokaona pikapu utenge pakati ponse, ndipo nkhani ya dzina ndi mabuku ikwane pa tsamba limodzi lomaliza. Mukamaliza, kawerengereni makaniko wa dizilo mokweza gawo la boneti lija, ndipo paliponse pamene angaseke molakwika kapena kupukusa mutu, mukonze.